Mtengo wadutsa malire koma OBV ikukana: ndigule?

"Sheya imene ndimaitsatira yakhala milungu ingapo ikulephera kudutsa 50. Lachisanu yatsekera pa 51, koma mzere wa OBV sunakwere kwenikweni. Ndigule kapena ndidikire?"

Ine ndikanadikira, ndipo chifukwa chake chili m'kawerengedwe ka mzerewo. OBV, chidule cha On-Balance Volume, imene Joseph Granville anaitchukitsa mu 1963, imayang'ana zinthu ziwiri basi: mtengo wotsekera ndi voliyumu, ndiko kuti kuchuluka kwa masheya amene agulitsidwa tsikulo. Mtengo ukatsekera pamwamba pa wadzulo, voliyumu yonse ya tsikulo imawonjezedwa pa nambala ya OBV yadzulo. Ukatsekera pansi, imachotsedwa. Ukafanana ndi wadzulo, nambala siisintha.

Simunanditumizire manambala anu, ndiye tipange athu. Lolemba mtengo watsekera pa 48, OBV tiyambire pa 0. Lachiwiri watsekera pa 49, masheya 30,000 agulitsidwa, OBV yafika 30,000. Lachitatu watsika kufika 48.5 ndi masheya 45,000, OBV yagwa mpaka -15,000. Lachinayi wakwera kufika 49.5 ndi masheya 20,000, tili pa 5,000. Lachisanu wadutsa malire aja, 51, koma masheya ndi 15,000 okha. OBV yathera pa 20,000.

Taonani tsopano. Mtengo wa Lachisanu waposa wa Lachiwiri, pomwe OBV sinafike ndi pa 30,000 pomwe inali Lachiwiri. Tsiku limene malonda anachuluka kwambiri ndi lija mtengo unatsika, ndipo tsiku lodutsa malire ndi limene anachepetsetsa. Kukwera kotere kumatha kubwerera pansi pa 50 m'masiku ochepa, amene anathamangira kugula n'kutsala akudandaula. Koma Lachisanulo akanagulitsidwa masheya 80,000, OBV ikanafika 85,000, ndipo apo tikanati voliyumu yavomereza.

Nambala ya OBV payokha ilibe tanthauzo, chifukwa imadalira tsiku limene tchati yanu yayambira kuwerenga. Chofunika n'chakuti, pamene mtengo ukudutsa nsonga yake yakale, OBV nayonso idutse yake.

Musaukhulupirire mopitirira mzerewu. Sudziwa kukula kwa kusintha kwa mtengo: kukwera ndi 0.1 ndi kukwera ndi 5 umakutenga chimodzimodzi, voliyumu yonse n'kupita mbali imodzi. Choncho kampani ikalengeza phindu lake, kapena wina akagula masheya ambirimbiri kamodzi, tsiku limodzi lokhalo limatha kukankhira OBV m'mwamba n'kukhala komweko milungu yambiri. Mukaona mzere wadumpha chotero, yang'anani timizati ta voliyumu m'munsi mwa tchati, muone ngati kukwerako kwachokera m'masiku angapo kapena limodzi.

Pa sheya yanuyo, onani masiku awiri kapena atatu otsatira. Mtengo ukabwerera cha pa 50 ndi voliyumu yochepa, kenako n'kukweranso ndi yochuluka mpaka OBV kudutsa nsonga yake, chikaiko chachepa. Kudikirako kuli ndi mtengo wake: mwina mudzagula pa 52 m'malo mwa 51. Mtengo wa sheyayo ukatsekera pansi pa 50 ndi voliyumu yaikulu, isiyeni.