Kalata yanu isapite yokha kwa matenanti

"Abale, kampani yathu yapatsidwa mdadada wa mafulati kuti tiziyang'anira. Abwana akuti ndilembe kalata yodzidziwitsa kwa matenanti, yowauzanso kolipira lendi. Ndilembemo chiyani? Nanga malamulo atsopano a pamalopo ndiikemonso?"

Achemwali, zokometsera mawu ndisiyira ena. Ine ndinenapo za ndalama, poti zinandionekera.

Kalata yanuyo isapite yokha. Munthu akapeza pepala pansi pa chitseko lonena kuti ayambe kulipira ku akaunti ina, sangalephere kukayika, chifukwa akamberembere amalembanso chomwecho, chidindo n'kudindapo. Pemphani eni nyumba kapena kampani yomwe ikuchokayo alembe yawo yaifupi, yotchula dzina la kampani yanu ndi tsiku loyambira, asayine munthu amene matenanti akumudziwa kale. Ziwirizo zilowe mu envulopu imodzi.

Kenako deti. Kumene ndinkachita lendi, kampani yatsopano inangolemba kuti "kuyambira mwezi wamawa". Kalatayo inatipeza pa 3, sitandingi oda yanga itadula kale pa 1 kupita ku akaunti yakale. Atsopanowo anandilembera kalata ya ngongole, chindapusa pamwamba. Kupita kwa akale, akuti ife mafayilo tinapereka kale. Panadutsa miyezi ndikuyenda uku ndi uku ndi sitetimenti ya kubanki m'manja, ndalama ndinalipira bwinobwino.

Ndiye inu lembani mosapsatira, mwachitsanzo: "Lendi ya Juni ipite ku akaunti yakale monga mwa nthawi zonse. Kuyambira lendi ya Julayi, yolipira pa 1 Julayi, lipirani ku akaunti ili m'munsiyi. Ngati munalipiriratu miyezi ya kutsogolo, kapena ndalama yapita kale kwa akale, titumizireni lisiti, tikatenga tokha ndipo simulipira chindapusa." Chiganizo chomalizachi ndi chimene chimakhazika anthu mitima pansi, osati "ndife okondwa kukutumikirani". Kalata iwapeze kudakali mwezi kapena kuposerapo, kuti a sitandingi oda apeze mpata wokasintha kubanki.

Dzina la akaunti lifanane ndendende ndi dzina lili pamwamba pa kalata. Amene akuti mungoikapo nambala ya foni ya abwana kuti anthu azitumizako, pepani, ine ndalama yanga sindingatumize ku dzina la munthu. Auzeninso cholemba polipira, monga nambala ya fulati, apo ayi muzidzaona ndalama zikulowa osadziwa mwini wake.

Musaiwale dipoziti. Nenani amene akuisunga tsopano, komanso kuti mgwirizano womwe anasayina ukugwirabe ntchito, lendi ndi yomweyo. Ngati abwana akuganiza zokweza, imeneyo ndi kalata ina ya tsiku lina. Mukaziphatikiza, anthu adzangowerenga za kukwezazo, nambala ya akaunti osaiona n'komwe.