Zala zoloza pansi zachuluka, ndisinthe chiyani mu pulomputi?

Funso: Ndili ndi shopu ya zipangizo za sola, ndipo ndinaika makina oyankha makasitomala pa WhatsApp. Yankho lililonse lili ndi mabatani a 👍 ndi 👎. Zala zoloza pansi zafika 40, koma ndikatsegula pulomputi, malangizo amene ndinalembera makinawo, sindikudziwa poyambira. Nditani?

Yankho: Achimwene, pulomputiyo musaikhudze kaye. Chala choloza pansi chimangonena kuti munthu sanakondwe, sichinena chifukwa. Zili ngati kasitomala wobwera ndi foni n'kungoti "yafa", pomwe vuto likhoza kukhala batire, chaja kapena galasi.

Choyamba onani zimene mumasunga munthu akadina batani. Ambiri amangowerengetsa mavoti basi, ndipo nambala yokhayo singakonze kanthu. Voti iliyonse imangiriridwe ku yankho lake lenileni. Ngati mukugwiritsa ntchito WhatsApp Cloud API, munthu akadina batani mumalandira `button_reply.id`, ndipo `context.id` imakuuzani meseji imene batanilo linali. Pamzere umodzi sungani izi:

```
message_id, question, answer, history,
retrieved_docs, prompt_version, model, vote, reason
```

Pamenepa anthu amakonda kusiya `prompt_version` ndi `retrieved_docs`, koma ziwirizi ndiye zimapulumutsa. Popanda yoyamba simudzadziwa kuti dandaulo likukhudza malangizo akale kapena atsopano. Popanda yachiwiri simudzadziwa ngati makinawo anali ndi mndandanda wa mitengo wolondola pomwe ankayankha. Nambala za foni ndi mayina a makasitomala muzichotse musanakopere zimenezi kulikonse.

Munthu akadina 👎, mufunseni funso limodzi lokha. WhatsApp imalola mabatani atatu pa meseji, lililonse la zilembo zosapitirira 20, ndiye "Zabodza", "Silinandimve" ndi "Latalika" zikwana. Osamupempha kulemba ndime, sangalembe.

Tsopano ntchito yeniyeni: khalani pansi muwerenge zonse 40 ndi maso anu, chimodzichimodzi, ndipo pambali pa chilichonse mulembe chifukwa chake m'mawu ochepa. Mukamaliza muziunjike m'magulu. Tiyerekeze kuti zatuluka motere. Zokwana 14 n'za mitengo yakale. Zokwana 11 munthu analemba Chichewa koma anayankhidwa Chingerezi. Zisanu ndi zitatu makinawo anathamangira kuyankha asanafunse mtundu wa batire. Zotsala 7 yankho linali loona, kungoti kasitomala sanalikonde, monga kumuuza kuti nthawi ya waranti inatha.

Mukuona kuti gulu lalikulu si la pulomputi n'komwe? Ngakhale mulembe kakhumi kuti "nena mtengo wolondola", makinawo adzanenabe mtengo umene uli mu fayilo imene munawapatsa. Konzani fayiloyo. Gulu la waranti lisiyeni, kapena mungofewetsa kalankhulidwe. Mukathamangitsa zala zimenezo, mudzaphunzitsa makina anu kulonjeza zinthu zimene shopu singachite. Otsala ndi magulu awiri apakatiwo, ndipo amenewo ndiwo a pulomputi.

Titenge la batire, chifukwa lili ndi msampha umene umandidetsa nkhawa kwambiri. Kasitomala wafunsa kuti, "Batire langa la 100Ah lingayendetse TV maola angati?" Makina akuganiza okha kuti batirelo ndi la mavolti 12 ndipo TV ndi ya mawati 60, n'kuwerengetsa motere:

```
12 × 100 = 1200 Wh
1200 ÷ 60 = 20
```

Akuti maola 20. Koma batire la asidi silifunika kutha moto kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse, ndipo inivetala imadyako gawo lake. Tikaika kuti imapereka 85 pa 100 alionse, masamu ake ndi awa:

```
1200 × 0.5 × 0.85 ÷ 60 = 8.5
```

Maola asanu ndi atatu ndi theka, osati 20. Munthu wodziwa za magetsi adina 👎. Koma wosadziwa akondwera ndi maola 20 aja n'kudina 👍, ndipo vutolo adzaliona batire litayamba kufooka, atayiwala kale za batani lanu. N'chifukwa chake ndimati muziwerenganso zala zoloza m'mwamba, makamaka pa mayankho okhala ndi nambala. Voti imayeza mmene munthu wamvera panthawiyo, siyeza ngati yankho ndi loona.

Pokonza, musakopere funso la kasitomalayo n'kuliika mu pulomputi ndi yankho lake. Mukatero mwakonza funso limodzi, wina akafunsa za firiji kapena pampu vuto libwerera. Lembani lamulo limene likukhudza gulu lonse, ndipo munenemo chifukwa chake, pakuti makina amenewa amatsatira bwino lamulo akamadziwa cholinga chake:

```
Usanawerengetse maola a batire, funsa mtundu wake
(asidi kapena lithiyamu), mavolti ake, ndi mawati a
chipangizocho. Batire la asidi werengera theka lokha,
chifukwa kutha moto kwambiri kumalifupikitsa moyo.
```

Musanalembe lamuloli, werengani pulomputi yonse. Kawirikawiri mumapezamo mzere wakale wonena kuti "yankha msanga, usachulutse mafunso", ndipo ndi umenewo unkachititsa vutolo. Mukangowonjezera watsopano osachotsa wakalewo, malamulo awiriwo azikokana, makina n'kumatsatira lina lero, lina mawa.

Kenaka yesani musanatulutse kwa anthu. Sonkhanitsani mafunso oyesera: asanu ndi atatu aja a batire, kuphatikiza mafunso ena pafupifupi 20 amene anayankhidwa bwino ndipo inuyo mwatsimikiza kuti ndi oona. Adutsitseni onse mu pulomputi yakale ndi yatsopano, muike mayankho moyandikana. Mafunso abwinowo ndiwo alonda anu. Lamulo la batire likhoza kuchititsa kuti munthu wongofunsa mtengo wa batire ayambe kufunsidwa mawati a TV, ndipo zimenezo simungazione mukangoyesa mafunso olephera okha. Funso lililonse muliyese katatu, poti makinawa sayankha mofanana nthawi zonse, ndipo kukhoza kamodzi kungakhale mwayi chabe.

Sinthani gulu limodzi pa nthawi, mukweze nambala ya `prompt_version`, yakaleyo muisunge. La chilankhulo lidikire ulendo wotsatira. Ndi losavuta: lamulo loti ayankhe m'chilankhulo cha meseji yomaliza ya kasitomala, komanso zochita munthu akasakaniza Chichewa ndi Chingerezi, monga ambiri timachitira pa foni.

Mukatulutsa, musathamangire kuweruza ndi mavoti a masiku awiri. Odina mabatani ndi ochepa poyerekeza ndi onse ofunsa, ndipo zala zoloza pansi zitatu pa mavoti khumi sizisiyana kwenikweni ndi ziwiri pa khumi. Muyang'ane ngati gulu limene munakonzalo lasiya kuonekera. Muonenso zizindikiro za amene sadina kanthu: munthu akabwereza funso lomwelo m'mawu ena, kapena akalemba kuti "ndipatseni munthu", ameneyo wakana yankho ngakhale sanakhudze batani. Macheza oterowo muwaike pamodzi ndi a 👎 aja, ndipo vuto latsopano lililonse limene mwakonza mulionjezere pa mafunso oyesera kuti lisadzabwerere mwakachetechete.