Mpamba wotsegulira malo ometera tsitsi

"Ndasunga K700,000 ndipo ndikufuna kutsegula malo ometera tsitsi kwathu ku Ndirande. Zipangizo zonse zikukwana K600,000. Kodi ndalamazi zikwanira?"

Achimwene, musanagule kanthu, tengani pepala ndipo mulembe mzere pakati. Kumanzere mulembe zimene mudzalipira kamodzi kokha, kumanja mulembe zimene zidzafuna ndalama mwezi ndi mwezi, kaya mwameta anthu kaya simunamete. Mitengo imene ndikutchulayi ndi yongoyerekeza, choncho mufunse yeniyeni kumsika.

Tinene kuti K600,000 yanuyo ili motere: makina awiri ometera K120,000, mipando ndi benchi K150,000, magalasi K60,000, penti ndi chikwangwani K50,000, komanso batire ndi inveta K220,000, popeza magetsi akazima wometa wopanda batire amangokhala pakhonde. Zonsezi ndi zakumanzere.

Vuto lili kumanja, kumene simunawerengeko n'komwe. Lendi ikhale K60,000, mayunitsi a magetsi K20,000, spiriti, malezala ndi mafuta a makina K20,000, ndipo malipiro anu K100,000. Malipirowa ambiri amawasiya poganiza kuti mwini bizinesi salipidwa, koma kunyumba kudzafunika ufa ndi ndiwo, ndipo ndalama yake idzachoka m'kabati momwemo ngakhale isalembedwe. Pamodzi ndi K200,000 pamwezi. Ngati mutu umodzi ndi K1,000, mufunika kumeta anthu 200 pamwezi, kapena kuti pafupifupi 8 patsiku m'masiku 26 ogwira ntchito, kuti mungobweza zimene mwawononga.

Malo atsopano sapeza anthu otere msanga, chifukwa munthu sasiya wometa amene anamuzolowera pongoona chikwangwani chatsopano. Mukamameta anthu 3 patsiku, mwezi woyamba mupeza K78,000, kupereweza K122,000, ndipo K100,000 imene munatsala nayo itha mwezi womwewo usanathe. N'chifukwa chake ine ndimawerengera mpamba pophatikiza zakumanzere ndi zakumanja za miyezi itatu: K600,000 kuphatikiza K600,000, zomwe zikukwana K1,200,000. Ndalama zanuzo zikuperewera ndi K500,000.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza polemba. Eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi. Imeneyo ikhalebe kumanja, kungoti K180,000 yonseyo iyenera kukhala m'manja tsiku lolowa. Chiphaso cha bizinesi cha kukhonsolo chimalipiridwa chaka ndi chaka, motero choyamba muchiwonjezere kumanzere, kenako mtengo wake muugawe ndi 12 n'kumapatula kagawoko mwezi uliwonse.

Ngati simungathe kudikira, chepetsani zakumanzere, osati zakumanja. Yambani ndi mpando umodzi ndi galasi limodzi, gulani benchi yogwiritsidwapo kale ntchito, koma makina akhalebe awiri, chifukwa amodzi akawonongeka Loweruka m'mawa tsiku lonse lapita.