Musanajambule mizere ya ndandandayo, onani kaye sabata ya tchuthi

"Anzanga thandizeni. Ndajambula pa foni mapepala a kosi autilaini a makosi asanu, zithunzi zakwana 23. Ndikufuna zonse zilowe pa ndandanda imodzi ya semesita yoonetsa masiku operekera maasayimenti, zowerenga ndi malikisi a chilichonse. Tikutsegulira Lolemba pa 2 Febuluwale 2026. Ndiyambire pati, ndipo pali apu yabwino yochitira zimenezi?"

Achemwali, za maapu ndisiyira anyamata ayankha pamwambapa, ngakhale ndikukayika ngati ena mwa iwo anamalizako semesita ndi ndandanda yomwe akuitamayo. Ine ndinena zimene zinandiwotcha.

Chaka changa chachiwiri ndinachita ngati inuyo. Ndinajambula autilaini ya mnzanga titaima pakhonde, mothamanga, ndipo chithunzi cha tsamba lachiwiri chinadula mzere wotsiriza wa m'munsi. Tsambalo linathera pa sabata 7, lotsatira linayambira pa sabata 9, koma ine sindinayang'ane manambalawo bwino. Mzere wodukawo unali sabata 8, ndipo palembedwa kuti tchuthi cha pakati pa semesita. Alekichala ankawerengera tchuthicho ngati sabata. Ine powerenga pa kalendala ndinachidumpha, ndiye sabata 9 yanga inagwa mochedwa ndi masiku asanu ndi awiri. Ndinafika ndi asayimenti yanga monyadira, n'kupeza kuti anzanga anapereka sabata yatha. Anandilandira, koma atadula malikisi ochuluka moti kosi imeneyo ndinaidutsa mokwawa.

Ndiye choyamba, musanalembe chilichonse, tsegulani zithunzi 23 zija chimodzichimodzi. Onani nambala ya tsamba lililonse, ndipo onani ngati manambala a masabata akutsatana kuchoka m'munsi mwa tsamba lina kufika pamwamba pa linzake. Pomwe padumpha, kajambuleninso. Pepala muliyale patebulo, foni ikhale pamwamba pake molunjika, masana pafupi ndi zenera, osayatsa fulashi. Musadalire zithunzi zimene zazungulira pa WhatsApp, chifukwa imazifinya zikatumizidwa ngati chithunzi wamba, ndipo 15 ndi 45 zimayamba kufanana. Wokutumizirani asankhe Document.

Tsopano masiku. Autilaini zambiri sizilemba deti, zimangoti sabata yakutiyakuti, ndiye ntchito yosandutsa sabata kukhala deti ndi yanu. Poti mukuyamba pa 2 Febuluwale, sabata 5 iyamba pa 2 Malichi, ndipo sabata 7 iyamba pa 16 Malichi. Tiyerekeze kuti tchuthi chanu chikubwera ikangotha sabata 7, kuyambira pa 23 Malichi. Ngati alekichala amachiwerengera, sabata 9 ndi ya pa 30 Malichi. Ngati sachiwerengera, pa 30 Malichi ndi sabata 8, ndipo sabata 9 ndi ya pa 6 Epulo. Chozindikirira n'chosavuta. Autilaini ikakhala ndi mzere wa tchuthi wokhala ndi nambala yakeyake, kapena ikadumpha nambala, tchuthi chawerengedwa. Ikangoyenda 7, 8, 9 ndi mitu ya maphunziro m'mizere yonse, sichinawerengedwe. Ndipo musaganize kuti alekichala asanu onsewo amawerenga mofanana. Kwa ife, m'dipatimenti imodzimodziyo, awiri ankasiyana. N'chifukwa chake pa ndandanda yanu mzere uliwonse uziyamba ndi deti la Lolemba, nambala ya sabata izingotsatira.

Ngati muli ndi Excel kapena Google Sheets, ikani tsiku lotsegulira mu B1, manambala a masabata kuyambira mu A4 kutsika, kenako mu B4 lembani ichi n'kukokera pansi:

```
=$B$1+(A4-1)*7
```

Pa kosi imene siwerengera tchuthi, masabata a pambuyo pa tchuthi muwonjezere 7 kumapeto kwake. Mukatero yang'ananinso maholide. Pa 3 Malichi, tsiku lokumbukira ofera dziko, ligwa Lachiwiri la sabata 5 yanu, ndipo Lachisanu Loyera mu 2026 ndi pa 3 Epulo. Mayeso kapena asayimenti ikagwera pa tsiku lotere, funsani msanga kudzera kwa kalasi repu. Alekichala ena amabweza tsiku m'mbuyo, osati kutsogolo monga timayembekezera ife ophunzira.

Pa malikisi ndiye pamene anthu amadzinamiza kwambiri. Makosi ambiri amagawa pawiri, ntchito za m'kati mwa semesita ndi mayeso otsiriza, mwachitsanzo 40 ndi 60. Vuto limabwera pamene autilaini yalemba pansi pake kuti asayimenti 25%, mayeso a pakati 50%, ntchito ya pagulu 25%. Munthu amakopera 50% ija momwe ilili n'kumaganiza kuti mayeso a pakati ndi theka la kosi yonse. Ayi. Manambala atatuwo akukwana 100 paokha, kutanthauza kuti akugawana 40 uja. Theka la 40 ndi 20, ndipo 25% ya 40 ndi 10. Pa ndandanda mulembe 10, 20, 10 ndi 60. Mukamaliza kosi iliyonse, phatikizani. Zikakwana 100 muli bwino. Zikakwana 160, mwasakaniza miyeso iwiriyo. Zikathera pa 90 kapena 95, pali china chimene chithunzi chinadula, kawirikawiri timayeso tating'onoting'ono ta m'kalasi kapena malikisi a kupezeka m'kalasi, zomwe amakonda kuzibisa m'ndime ya malamulo kumapeto kwenikweni. Ndime imeneyo muiwerenge ndithu, ndi momwenso mumakhala chilango cha kupereka mochedwa, chomwe ine ndinachidziwira pa ofesi.

Manambala amenewa muwalembe ndi dzanja lanu. Google Lens imakopera bwino ndime za mawu, ndipo pa mayina ataliatali a mabuku ikupulumutsani. Koma ikafika pa tebulo imakonda kusakaniza mizere, deti la asayimenti ina n'kukakhala pafupi ndi malikisi a ina, ndipo zolembedwa ndi cholembera m'mphepete, zomwe nthawi zambiri ndiye zosintha zenizeni, imaziphonya.

Zowerenga sindichulutsa. Musakopere mndandanda wonse wa mabuku, ndandanda idzasanduka autilaini ina. Lembani dzina la wolemba ndi mutu wa chaputala basi, ndipo muziike pa sabata ya m'mbuyo mwa phunzirolo, poti ndi pamene muyenera kuwerenga. Ndati mutu wa chaputala, osati manambala a masamba, chifukwa buku la ku laibulale nthawi zambiri limakhala losindikizidwa chaka china ndipo masamba sagwirizana ndi a alekichala.

Maonekedwe ake akhale tsamba limodzi logoneka chopingasa. Masabata atsike pansi, makosi asanu ayende chopingasa, ndipo kumapeto kumanja musiye danga lophatikiza malikisi onse ogwa m'sabata imeneyo. Danga limeneli ndi limene ndimalikonda. Mudzaona sabata ina ili ndi 0, ina ili ndi 50 chifukwa mayeso a pakati awiri ndi asayimenti zakumana, ndipo mudzadziwiratu mu Febuluwale kuti asayimenti imeneyo iyenera kuyambika milungu iwiri isanafike sabata yoopsayo.

Kusindikiza tsamba limodzi nthawi yathu kunali cha m'ma K100, pano kwakwera ndithu, koma sikungakulepheretseni kudya nkhomaliro. Sindikizani awiri, lina mumate pakhoma, lina likhale m'kope. Madeti a pa lomata pakhomalo muzikonza ndi pensulo, chifukwa ikamafika sabata 4 alekichala mmodzi amakhala atasuntha kale tsiku, n'kungolengeza pakamwa m'kalasi ya 7 koloko m'mawa.