Andipeza ndi hepataitisi B kusikelo: nanga mwana ndi apanyumba?

"Ndili ndi pakati pa miyezi isanu, ndimakhala ku Kawale. Kusikelo andiyeza magazi, akuti ndili ndi hepataitisi B, koma sindikumva kupweteka paliponse. Apongozi ayamba kundipatulira mbale ndi kapu, ndipo akuti ndisadzayamwitse. Ndili ndi mwana wina wa zaka zinayi. Kodi wam'mimbayu ndimuteteza bwanji?"

Mayi, tiyambe ndi mbalezo. Zibwerere pamodzi ndi zinzake lero lomwe. Kachilombo ka hepataitisi B, kamene kamagwira chiwindi, sikayenda m'nsima, m'kapu, m'chifuwa kapena popatsana moni. Kamayenda m'magazi, pogonana, ndiponso kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana pobadwa. Apongozi akufuna kuteteza banja, koma alondera khomo lolakwika.

Khomo lenileni ndi tsiku lochira. Munthu wamkulu akatenga kachilomboka, thupi nthawi zambiri limakachotsa lokha, ndipo osakwana 5 pa 100 alionse ndi amene amatsala nako. Khanda silitero. Pa makanda 10 otenga kachilomboka pobadwa, pafupifupi 9 amakhala nako moyo wonse, nthawi zambiri osadwala, koma ena mwa iwo chiwindi chimadzauma kapena kugwidwa khansa atakula. Inunso n'kutheka kuti munakatenga muli wamng'ono, choncho nkhaniyi isabutse kulozana zala ndi bambo akunyumba.

Choyamba chimene chimatchinga khomolo ndi katemera wa hepataitisi B wobayidwa pantchafu pasanathe maola 24 mwana atabadwa, ndipo akafulumira ndiye bwino koposa. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Kuyambira 2002 ana m'Malawi amalandira katemera wophatikiza matenda asanu pa masabata 6, 10 ndi 14, ndipo hepataitisi B alimo. Koma kwa mwana wanu masabata 6 ndi kutali, chifukwa amakhala atakhudzana ndi magazi anu tsiku lobadwa. Wophatikizayo saperekedwa kwa khanda la tsiku limodzi. Wofunika ndi wa hepataitisi B payekha. Musangoganiza kuti mukamupeza m'chipinda chochirira. Ulendo ukubwerawu wa kusikelo, funsani azamba: kodi katemerayu alipo pano, kapena ndikamupeza kuti? Ngati mukachirira ku Bwaila kapena kwina, funsani komweko mwezi usanakwane. Mukamugula nokha, dziwani kuti amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, ndipo akaundana ngati ayisi watha ntchito, ndiye ndi bwino asungidwe m'firiji ya kuchipatala, osati kunyumba kumene magetsi amazimazima.

Pemphani alembe zotsatira zanu moonekera m'kabuku ka kuchipatala, ndipo amene adzakudikirireni adziwe. Matenda akayamba usiku wa Loweruka, inu mutatopa, ndi iyeyo adzakumbutse anamwino. Mwana akabadwa wosakwana makilogalamu awiri abayidwebe. Pambuyo pake atsirize katemera atatu aja osadumpha, ndipo akafika miyezi 9 mpaka 12 akayezedwe HBsAg, chizindikiro choti kachilomboka kali m'magazi, kuti mudziwe ngati wapulumuka.

Chachiwiri ndi mankhwala a inuyo. Kachilombo kakachuluka kwambiri m'magazi a mayi, katemera payekha nthawi zina amalephera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse limalangiza kuti mayi amene kachilombo kafika 200,000 IU/mL poyeza kuchuluka kwake, kapena amene HBeAg, chizindikiro choti kachilombo kakuswana kwambiri, yaoneka m'magazi ake, azimwa tenofoviya, mbulu umodzi wa mamiligalamu 300 tsiku lililonse. Malangizo a 2024 anawonjezera kuti kumene kuyezaku sikupezeka, mayi aliyense wopezeka ndi HBsAg akhoza kupatsidwa. Pa miyezi isanu nthawi yoyambira yakwana kale. Mankhwalawa amafuna masabata angapo kuti atsitse kachilombo, ndiye musadikire mwezi wachisanu ndi chinayi. Nkhaniyi muitule kwa adokotala sabata ino, ndipo ngati sikelo yanu singathe, pemphani kalata yopita ku Kamuzu Central.

Onetsetsani kuti akuyezaninso HIV musanayambe. Tenofoviya ndi mmodzi mwa mankhwala a ma ARV, ndipo kumumwa yekha munthu ali ndi HIV yosadziwika kumachititsa kuti HIV iyambe kupima mankhwala. Amene ali kale pa ma ARV okhala ndi tenofoviya akuthana ndi matenda onse awiri nthawi imodzi. Chenjezo lalikulu ndi ili: musasiye nokha. Munthu akasiya mwadzidzidzi kachilombo kamabwerera ndi mphamvu, chiwindi n'kutupa. Ngakhale adokotala atakuimitsani mutachira, magazi aziyezedwa kwa miyezi ingapo. Maso akasanduka achikasu, mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, kapena mimba ikayamba kudzaza madzi, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Yamwitsani. Mwana wolandira katemera saonjezera chiopsezo poyamwa, ndipo tenofoviya saletsa. Nsonga ya bere ikang'ambika n'kumatuluka magazi, pitirizani ndi linalo, lovulalalo muzifinya mpaka lipole. Opaleshoni yongofuna kupewa hepataitisi B siyofunika.

Tsono apanyumba. Onse akayezedwe: bambo, mwana wa zaka zinayiyo, ndiponso amayi anu okubalani ndi abale a bere limodzi, poti matendawa amakonda kuyenda mwa mtundu. Wamkuluyo ayezedwe ngakhale kabuku kake kakuonetsa kuti katemera anatsiriza, chifukwa wa tsiku lobadwa mwina sanalandire. Bambo ngati anabadwa 2002 isanafike, ndiye katemera wa ana anawaphonya. Akapezeka alibe kachilombo abayitse katatu: tsiku loyamba, patatha mwezi, kenako patatha miyezi isanu ndi umodzi kuchokera poyamba, ndipo mugwiritse ntchito kondomu kufikira atatsiriza.

M'malo mwa mbale, patulani lezala lija limakhala pawindo la kubafa, limene uyu wametera ndevu, uyu wawengera zikhadabo za mwana. Patulani mswachi ndi chowengera zala. Mphini zotemera lezala limodzi, kuboola makutu ndi singano yobwerekana, zonsezi ayi. Kachilomboka kamakhala ndi moyo m'magazi ouma kwa masiku asanu ndi awiri kapena kuposa, choncho dontho la magazi pansi lipukutidwe ndi jiki wosungunula, gawo limodzi ku magawo asanu ndi anayi a madzi.

Inuyo simunathe ndi kuchira. Kusamva ululu sikunena kalikonse za chiwindi, chifukwa chimaonongeka mwakachetechete. Kamodzi pachaka, kapena kawiri ngati adokotala atero, yezetsani magazi kuti aone ALT ndi AST, zimene zimakwera chiwindi chikamavulala, komanso mapulatileti, tizidutswa tothandiza magazi kuundana. Kuchokera pa ziwiri zomalizazo amawerengera APRI, imene imalozera ngati chiwindi chayamba zipsera:

```
APRI = (AST ÷ 40) ÷ mapulatileti × 100
```

Nambala 40 ndi malire a AST amene malabu ambiri amagwiritsa ntchito. Tinene kuti AST yanu ndi 30, mapulatileti 220: APRI ikhala 0.34, ndipo ndi zolimbitsa mtima. AST ikakwera kufika 60, mapulatileti n'kutsika kufika 150, APRI ikhala 1.0. Malangizo a 2024 amati ikadutsa 0.5 munthu wamkulu ayambe mankhwala okhalitsa. Mimba imatha kusintha manambalawa, ndiye mudzabwereze mutachira. Ngati chiwindi chauma kale, kapena kwanu wina anadwalapo khansa ya chiwindi, sikani ya pamimba izichitika miyezi isanu ndi umodzi iliyonse.

Mowa ndi mankhwala azitsamba "otsuka chiwindi" asiyeni. Palinso china chimene kuno ku Lilongwe, kwawo kwa mtedza, timachipeputsa: chuku. Mtedza ndi chimanga zosungidwa pachinyezi zimamera chuku chokhala ndi poizoni wotchedwa afulatokisini, amene akakumana ndi hepataitisi B chiopsezo cha khansa ya chiwindi chimakwera kwambiri, ndipo kuphika sikumuthetsa. Posinja nsinjiro sankhani mtedza nokha. Wofota, wakuda ndi wowawa mutaye, osausandutsa chiponde.