Pa fomu yowunika ntchito, ndilembe chiyani m'malo mwa "waulesi" ndi "wosasamala"?

"Ndimayang'anira anthu asanu ndi awiri pa shopu ya holoselo ku Limbe, ndipo mwezi uno ndikudzaza mafomu owunika momwe agwirira ntchito. Za bambo wina wosunga katundu ndinalemba kuti ndi waulesi, za mtsikana wa pa kashiya ndinalemba kuti ndi wosasamala. Abwana andibwezera mafomu onse awiri, ati mawuwo ngokhadzula. Koma ndi zoona! Ndilembe chiyani popanda kunama?" Mayi wa ku Limbe

Mayi, abwana anu achita bwino kukubwezerani mafomuwo, ngakhale chifukwa chomwe apereka si chachikulu kwenikweni. Kukhadzula n'kochepa. Vuto lenileni n'lakuti mawu awiriwo akunena za mtima wa munthu, pamene inu mtima wake simunauone. Munaona lipoti lomwe linachedwa, munaona lisiti lolakwika, ndipo mutaziona kangapo munagamula kuti mwini wake ndi wotani. Pa fomu mwalembapo chigamulo chokha, umboni mwausiya m'mutu mwanu.

N'chifukwa chake sindikupatsani mawu ofewa oti mungolowetsa pamalo pa okhadzulawo. Ambiri amatero: afufuta "waulesi", alemba "akufunika kuwonjezera khama", afufuta "wosasamala", alemba "azikhala tcheru pa ntchito". Ndi munthu yemweyo, wangovala jekete. Bamboyo akawerenga kuti awonjezere khama, Lolemba m'mawa akachita chiyani chosiyana ndi sabata yatha? Sadziwa. Ndipo chaka chamawa mudzalembanso zomwezo.

Tiyambe ndi wosunga katunduyo. Dzifunseni kuti tsiku lomwe munayamba kumutcha waulesi mumtima mwanu, chinachitika n'chiyani. Mawu amenewa amabisa zinthu zingapo zosafanana. Pali munthu wochedwa kufika. Pali wofika nthawi yabwino koma ntchito yake simatha pa tsiku lomwe munapangana. Pali wina amene amagwira bwinobwino chilichonse chomwe wauzidwa, koma akamaliza amakhala pa katoni kudikira kuti wina amutume. Onsewa timawatcha aulesi, chonsecho mankhwala awo ngosiyana, ndipo wachitatuyu nthawi zambiri palibe anamuuzapo kuti akamaliza ayenera kuyamba chiyani payekha.

Simunandiuze kuti bamboyo ali m'gulu liti, choncho ndiyerekeza, inu muikemo zenizeni. Tinene kuti ntchito yake ndi kuwerenga sitoko n'kupereka lipoti Lachisanu lililonse pofika 4 koloko, kuti Loweruka muode katundu amene watsala pang'ono kutha. Tsegulani buku lolandirira malipoti, kapena mauthenga a pa foni ngati amatumiza pamenepo, muwerenge. Mwina mupeza kuti pa Malachisanu 12 apitawa, lipoti linabwera mochedwa maulendo 5. Ndiye pa fomu mulembe motere:

"Lipoti la sitoko liyenera kufika Lachisanu pofika 4 koloko masana. Pa masabata 12 apitawa linafika pa nthawi yake maulendo 7, ndipo maulendo 5 linafika Lolemba. Maulendo awiri mwa amenewa oda ya mafuta ophikira inapita mochedwa, moti mafuta anatithera mkati mwa sabata. Miyezi itatu ikubwerayi lipoti lizifika pa nthawi yake, ndipo akaona kuti lichedwa azidziwitsa woyang'anira isanakwane 12 koloko ya tsikulo."

Taonani zomwe zili m'menemo: muyezo womwe amayenera kufikira, zomwe zinachitika, zomwe shopu inataya, ndi choti achite. Palibe mawu achipongwe, komabe kalembedwe aka n'kolimba kuposa "waulesi". Munthu wamkulu, mwina woposa inu zaka, mukamulembera kuti ndi waulesi amva kunyozedwa, ndipo zokambirana zonse zithera pa ulemu: "Ine waulesi, amene ndakhala pano zaka zonsezi?" Koma maulendo 5 sangakangane nawo. Angathe kungowafotokoza.

Ndipo mpatseni mpata awafotokoze musanasaine fomu. Apa ndi pomwe oyang'anira ambiri amathamangira. Funso lake ndi losavuta: "Bambo, masiku asanu awa chinavuta n'chiyani?" Angakuuzeni kuti masiku amenewo malole a katundu anafika Lachisanu masana, iye n'kukhala akulandira ndi kuwerenga mabelo mpaka kutseka. Zimenezi mungathe kuzitsimikiza pa mapepala olandirira katundu, madeti alipo. Zikagwirizana, vuto ndi ndandanda yanu, ndipo chothandiza n'kusuntha lipoti kuti lizibwera Lachinayi. Angakuuzeninso, ngati mwafunsa mwaulemu, kuti chiyambireni kulemba sitoko pa kompyuta zimamutengera nthawi yaitali ndipo amachita manyazi kufunsa anyamata. Pamenepo fomu inene kuti "akufunika kuphunzitsidwa kalembedwe ka sitoko pa kompyuta", itchule amene adzamuphunzitse ndi deti lake. Kapena sakhala ndi chifukwa chomveka ngakhale chimodzi. Zikatero chiganizo chija chikhale momwe chilili, musachotsepo kanthu.

Ngati vuto lake lili lodikira kutumidwa, lembani chomwe munaona ndi chomwe mukufuna: "Akamaliza kulandira katundu amadikira malangizo ena. Kuyambira mwezi uno, akamaliza aziyang'ana madeti otha ntchito pa katundu wa m'mashelefu ndi kusunthira kutsogolo amene watsala pang'ono, osadikira kuuzidwa." Ngati n'lochedwa kufika, buku losainira m'mawa likupatsani masiku ndi mphindi zake.

Za mtsikana wa pa kashiya njira ndi yomweyo, kungoti apa pali zinthu ziwiri zowonjezera. Choyamba, kulakwitsa kumayezedwa poyerekeza ndi kuchuluka kwa ntchito. Malisiti 9 olakwika pa malisiti 200 ndi nkhani ina, 9 pa 3,000 ndi nkhani inanso, ndipo muyenera kudziwa kuti anzake ogwira ntchito yomweyo amalakwitsa angati. Popanda zimenezi mungakhale mukudzudzula munthu amene zolakwa zake zimaoneka chifukwa choti ndi iye amatumikira makasitomala ambiri.

Chachiwiri, sonkhanitsani malisiti olakwikawo muwayale pa tebulo. Zolakwa za munthu amene maganizo ake ali kwina zimamwazikana: lero deti, mawa dzina la kasitomala, mkuja chenje. Koma kawirikawiri mupeza kuti zambiri ndi za mtundu umodzi. Tinene kuti pa 9 aja, 7 ndi oti anadinda mtengo wa paketi ya shuga pamene kasitomala anagula belo, ndipo pafupifupi onse ndi a kumapeto kwa mwezi, mzere wa ogula utafika pakhomo. Uku si kusasamala kwa munthu yense. Ndi malo amodzi pomwe dzanja limaterereka pakakhala phuma, ndipo mwina mayina awiriwo akufanana kwambiri pa makina. Mungalembe kuti:

"Pa miyezi itatu, malisiti 9 anabwezedwa kuti akonzedwe. Mwa amenewa, 7 anali osokoneza paketi ndi belo, makamaka kumapeto kwa mwezi. Lililonse linachititsa kuti kasitomala adikire komanso kuti sitoko ya m'buku isagwirizane ndi ya m'nyumba yosungira katundu. Kuyambira pano aziwerengera kasitomala mokweza mtundu ndi kuchuluka kwa katundu asanadinde lisiti. Tidzaonanso chiwerengerochi pakatha miyezi iwiri."

Mawu oti "azisamala" palibe amene angawaone akuchitika. Kuwerengera kasitomala mokweza mungathe kukumva muli chiimire pakhomo la ofesi yanu. Muyeso wanga pa chiganizo chilichonse cha pa fomu ndi womwewo: munthu wina amene sakumudziwa wantchitoyo angathe kutsimikiza kuti izi zinachitikadi?

Chenjeraninso ndi timawu tating'ono toti "nthawi zonse" ndi "sanayambe". Mukalemba kuti amachedwa nthawi zonse, iye akumbutsa tsiku limodzi lomwe anafika 7 koloko isanakwane, basi fomu yonse yasanduka bodza m'maso mwake.

Pali chifukwa chinanso, cha malamulo, ngakhale ndikukhulupirira kuti simukufuna kuchotsa munthu. Lamulo la za ntchito la m'Malawi la chaka cha 2000, pa ndime 57, limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza kuthekera kwake, khalidwe lake, kapena zosowa za kayendetsedwe ka kampani, ndipo pa nkhani ya kuthekera ndi khalidwe ayenera kupatsidwa mpata woyankha zomwe akumuneneza. Ndime 61 imaika udindo wopereka chifukwacho pa wolemba ntchito. Nkhani ikafika ku ofesi ya zantchito ya boma kapena ku khoti loona milandu ya apantchito, mafomu anu omwewa ndi amene adzatsegulidwe. Liwu limodzi loti "waulesi" silidzasonyeza ngati bamboyo ankalephera kapena ankakana, silidzasonyeza kuti anauzidwa muyezo, kapena kuti anapatsidwa nthawi yokonza. Ndipotu munthu angayankhe bwanji mlandu woti ndi waulesi? Za Malachisanu asanu okhala ndi madeti, angayankhe.

Tsono musapitirire n'kugwera mbali inayo. Ndaonapo mafomu ofewetsedwa mpaka mwini wake amatuluka mu ofesi akumwetulira, akuganiza kuti akwezedwa pa udindo. Ife timakonda kuzungulira polankhula ndi munthu wamkulu, ndipo pa moni ndi pa kamvekedwe ka mawu palibe cholakwika. Koma ngati ntchito sikufika pa muyezo, chiganizo choti "pa mbali iyi ntchito sinafike pa muyezo" chilembedwe momwemo, ndipo malikisi a pa fomu agwirizane nacho. Kulemba za malipoti ochedwa kenako n'kupereka 4 pa 5 kuti asakhumudwe, ndiko kunama komwe mukukuopa kuja. Zomwe amachita bwino zilembedwenso mwatsatanetsatane chimodzimodzi: "sitoko ya zakumwa inagwirizana ndi ya m'buku miyezi yonse itatu" n'zomveka kuposa "ndi wodalirika".

Kusowa kwa ndalama mu kabati ya kashiya musakuike m'gulu limeneli. Imeneyo ndi nkhani yofufuza payokha, motsata ndondomeko ya mwambo ya pakampani panu, tsiku lomwe yachitika, osadikira fomu ya kumapeto kwa chaka.

Mwina mukatsegula mabuku mupeza kuti umboni wolembedwa mulibe, muli n'zokumbukira zokha. Musapeke manambala. Lembani zochitika ziwiri kapena zitatu zomwe madeti ake mungawatsimikize, munene muyezo womwe mukufuna kuyambira pano, ndipo muvomereze kuti fomu ya ulendo uno ikhala yopepukirapo kusiyana ndi momwe mtima wanu ukufunira. Kenako gulani kope, tsamba limodzi munthu mmodzi, muzilemba deti ndi chochitika tsiku lomwelo, chabwino ndi choipa chomwe, ndipo choipacho muzimuuza mwini wake sabata yomweyo kuti pa tsiku lowunika asadzamve chachilendo.