Foni ikukulepheretsani kugona mukachoka ku shifiti ya usiku? Yankho kwa mchemwali wa ku Leeds

"Ndikugwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Leeds, shifiti ya usiku, 8 koloko madzulo mpaka 8 mammawa. Ndikangoti ndigone foni siyipuma, uku amanijala akufuna wina wokagwira shifiti ina, uku kumudzi ku Dedza akuimba pa WhatsApp. Ndikazimitsa ndimaopa kuti mwina mayi adwala kapena ntchito indithera. Nditani?"

Achemwali, pepani kwambiri, tulo tomwe mukusowato ndikutidziwa chifukwa nanenso ndinagwirapo mashifiti ausiku kuno. Foniyo musazimitse, koma isamangolira aliyense akaimba. Anthu oti angakudzutseni asapitirire awiri kapena atatu, ena onsewo apatseni nthawi yawo, ndipo nthawiyo muwauze pa wotchi ya ku Malawi osati ya kuno.

Tiyambe ndi mawotchiwo. Malawi sasintha nthawi chaka chonse koma UK amasintha kawiri, Lamulungu lomaliza la Malichi wotchi imapita kutsogolo ndi ola limodzi, Lamulungu lomaliza la Okutobala imabwerera. Ndiye kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka Malichi kumudzi ali patsogolo ndi maola awiri, miyezi inayo ndi ola limodzi basi. Kusiyanaku ndi kochepa, nchifukwa chake abale amaganiza kuti mukudzuka nawo limodzi, iwo akaona dzuwa pamutu amati nanunso muli maso. Tiyerekeze mwafika kunyumba 9 koloko, mwasamba, mwagona hafu pasiti 9 kuti mudzuke 4 koloko masana. Mu Disembala imeneyo ndi hafu pasiti 11 mpaka 6 koloko madzulo ku Dedza, nthawi yomwe anthu abwera kumunda, ana aweruka kusukulu, wina wafika pa tauni pomwe netiweki ikugwira bwino nkukumbuka kuti pajatu tili ndi m'bale kunja.

Ine zomauza anthu kuti "ndimagona masana" sizinandithandize, masana ake ati? Chomwe chinagwira ntchito ndi voisi noti imodzi yomwe ndinatumiza pa gulupu ya banja, voisi noti chifukwa mayi sakonda kuwerenga timalemba ta pafoni. Ndinati, "Amayi ndi nonse, kuno ndimagwira ntchito usiku wonse ngati mlonda, inu mukamadya nsima ya masana ine ndiye kuti ndili pakati pa tulo. Tsiku lililonse 7 koloko madzulo nthawi ya kumudziko ndidzikhala pafoni." Taonani kuti 7 kolokoyo siyisuntha kwa iwo, osuntha ndinu. Kwa inu ikhala 5 koloko madzulo nyengo yozizira ndi 6 koloko nyengo yotentha, zonsezo zikukupatsani mpata musanakwere basi ya kuntchito. Musavutike kuwafotokozera agogo zoti azungu amabweza wotchi, mungowasokoneza. Ingoikani Lilongwe kapena Blantyre pa World Clock mu foni yanu muziyang'ana pamenepo.

Koma 7 kolokoyo muziisunga ndithu. Mukaiphonya masiku atatu otsatizana anthu ayambiranso kuimba nthawi iliyonse, ndipo sangalakwe.

Tsopano za mantha anu aja, matenda ndi zovuta. Sankhani munthu mmodzi wokhwima maganizo yemwe amakhala pafupi ndi mayi, kaya mlongo wanu kaya achemwali anu aakulu, amene amatha kusiyanitsa nkhani ya kuchipatala ndi nkhani ya fetereza. Mumuuze kuti iye yekha ndi amene foni yake idzalira ngakhale muli mtulo, ndipo muzimutumizira kandalama ka mayunitsi ndi bandulo mwezi ndi mwezi kuti tsiku la vuto asadzati ndinalibe data. Ena onse akakhala ndi nkhani yachangu adutse kwa iyeyo. Kwathu si zachilendo izi, uthenga wa maliro sanena aliyense, umadzera kwa mwini mbumba.

Pafoni pake mupange chonchi. Tsegulani Do Not Disturb muike nthawi yanu yogona, kenako muloleze nambala ya munthu ujayo, pa Android mumayamba mwamuika nyenyezi mu Contacts, pa iPhone mumamuonjezera pa anthu ololedwa mu Focus. Palinso poti munthu akaimba kawiri motsatizana foni ilire, pa iPhone ndi mkati mwa mphindi 3, pa Android nthawi zambiri mphindi 15. Chimenechi ine ndinachitseka, paja ife timaimba kasanu ngakhale tikungofuna kupereka moni. Ndiye chonde yesani musanadalire, chifukwa mafoni ena amalola foni ya pa laini wamba kudutsa koma ya WhatsApp nkuitsekera kunja. Yatsani Do Not Disturb, mumuuze mlongo wanuyo aimbe pa WhatsApp inu mukuyang'ana. Ikapanda kulira mugwirizane kuti pa vuto aziimba kapena kuflasha pa laini wamba, inu muzibweza. Magulupu a banja, a tchalitchi, a anzanu akusekondale, onsewo Mute notifications kenako Always, kungoti dziwani kuti wina akakutchulani ndi @ kapena kuyankha meseji yanu foni imalirabe, chomwe chimatseka zonse ndi Do Not Disturb ija.

Mbali ya abwana ndiyo imaopsa kwambiri makamaka ngati viza yanu ndi ya sponsa, munthu umaona ngati ukachedwa kuyankha akulemba m'kaundula wa aulesi. Koma pali kusiyana pakati pa shifiti yomwe ili pa rota yanu ndi meseji yoti ndani angabwere lero. Yachiwiriyo nthawi zambiri imapita kwa anthu ambirimbiri nthawi imodzi, sakuyembekezera inu nokha. Komanso lamulo la kuno, Working Time Regulations 1998, limati wantchito apume maola 11 otsatizana pakati pa tsiku lantchito ndi linzake. Mukaweruka 8 mammawa maola 11 akukwana 7 koloko madzulo, ndiye wokupemphani kuti mubwere 2 koloko masana akukupemphani zodula mpumulo wanu. Lamuloli lili ndi mipata ina ya ntchito za mashifiti, koma pamenepo amayenera kukubwezerani mpumulowo. Onaninso kontilakiti yanu ngati muli mawu oti on call, ngati mulibe ndiye kuti nthawi yogona ndi yanu.

Alembereni amanijala meseji imodzi yaulemu, yolemba osati pakamwa kuti ikhale umboni. Muwauze kuti mukachoka ku shifiti ya usiku mumagona mpaka 4 koloko, mumaona mameseji 4 koloko imeneyo ndipo mumayankha pasanathe mphindi 30, ngati ndi zokhudza shifiti ya usiku womwewo aimbe. Nambala ya ofesiyo ndiyo yachiwiri yomwe mungaloleze mu Do Not Disturb, koma mukaona kuti akuigwiritsa ntchito pokupemphani ovataimu ichotseni. Ine malo ena omwe ndinagwirako ankasintha rota pa gulupu masana ine ndili mtulo, tsiku lina ndinapita ku nyumba yolakwika. Kuchokera pamenepo ndikadzuka ndimayamba rota, ndijambule sikirinishoti, kenako mameseji a abwana, akumudzi pomaliza popeza iwo nthawi yawo ikubwera 7 koloko.

Ngati mungathe gulani simu yachiwiri yotchipa ikhale ya ntchito yokha, muikepo WhatsApp Business pafoni yomweyo. Ili ndi Away message yomwe imayankha yokha pa maola omwe mwasankha, ndiye amanijala akalemba 11 koloko alandira yankho loti mwagona mudzayankha 4 koloko, inu osatembenuka nkomwe. Imayankha amene wakulemberani panokha, pa gulupu ayi. Nambala imeneyo musaipereke kumudzi, ngakhale kwa mlongo uja.